Uthenga wa Marita ndi Maria, ndi Mauthenga Athu a pa Foni

Lamulungu lachisanu m'nyengo ya Lenti, Chaka A. Mthenga Wabwino: Yohane 11:1-45



Mthenga Wabwino wa lero ndi wautali, ndipo ambiri tikaumva maganizo athu amathamangira kumanda kumene Lazaro akutuluka. Ine ndikupempha kuti tiime kaye pa ndime yachitatu. Lazaro wadwala kwambiri ku Betaniya, Yesu ali kutali, ndipo alongo ake awiri atuma munthu. Uthenga umene anamupatsa ndi wa mzere umodzi wokha. Anamuuza Yesu za munthu amene iye amamukonda, ndi kuti munthuyo akudwala. Zoti ananene zinalipo zambiri: masiku amene anagona osatseka maso, mankhwala amene anayesa, mantha a zimene zidzawachitikire mlongo wawo akamwalira. Koma anasankha mawu amene wotumidwayo akanatha kuwanyamula ulendo wonse osataya ngakhale amodzi.

Masiku ano wotumidwa wathu ndi foni. Pafupifupi mphakati uliwonse, kwaya ndi bungwe la amayi ali ndi gulu lawo pa WhatsApp, ndipo mapempho a mapemphero amadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku. Ndikufuna ndikufotokozereni za pempho limodzi limene linadutsa m'manja mwanga ndisanabwere m'parishi ino. Mwini wake anandilola kulifotokoza, koma dzina lake sinditchula.

Unali mwezi wa Marichi, usiku, pamene mayi wina wa kwa Simlemba m'boma la Kasungu ananditumizira uthenga wa mawu wotalika mphindi zisanu ndi ziwiri. Amafuna kuti ndiuike pa gulu la akhristu a kumudzi kwawo ndi a m'tauni amene timapemphera nawo. Amene munakulira kwa alimi a fodya mukudziwa kuti Marichi ndi mwezi wotani: fodya ali m'chigafa, msika sunatsegulidwe, chimanga sichinaume, ndipo m'thumba mulibe kanthu. Mayiwo anayamba ndi moni ndi kuthokoza Mulungu chifukwa cha mdzukulu wobadwa kumene. Kenaka ananena kuti amuna awo agonekedwa m'chipatala, natchula matenda ake. Analowa nkhani ya chigafa chimene chikudontha ndi fodya amene wayamba nkhungu, nkhani ya ngongole ya fetereza imene idzadulidwe fodyayo akagulitsidwa, mawu owawa okhudza mwana wawo wina, ndi dzina la munthu wa m'mudzi amene amamukayikira kuti ndiye wawalodza. Pena amalira, pena amabwereza zimene anena kale.

Ndisanapitirire, pali chinthu chimodzi choti timvetsetsane. Pemphero la mayiwa linalibe cholakwa pamaso pa Mulungu. Hana, mayi wa Samuele, anakhuthula mtima wake m'nyumba ya Chauta mpaka wansembe Eli anamuyesa woledzera, koma Mulungu anamumva. Munthu amene ali pa ululu sayala mawu ake m'ndondomeko. Mulungu safuna womukonzera uthenga. Amene timafuna kukonzeredwa ndife, anthu okwana zana pa gulu, ena ali mu minibasi, ena ali pa ntchito, ena bandulo yatsala pang'ono kutha. Uthenga wa mphindi zisanu ndi ziwiri ambiri amaumvera theka la mphindi, n'kulemba "Amen," osadziwa chimene avomera.

Ine ndinalakwa poyamba. Ndinamvera kamodzi mothamanga, n'kulemba kuti: "Tipempherere banja lina la kwa Simlemba limene likukumana ndi zovuta zosiyanasiyana." Nditawerenganso ndisanatumize, ndinaona kuti ndadula nthambi mpaka mtengo womwe wapita. Munalibe munthu m'mawuwo. Palibe amene akanatha kugwada ndi uthenga umenewu n'kudziwa choti anene kwa Mulungu. Njira yoyesera ndi imeneyi: ngati uthenga wanu ungakwanire banja lililonse m'Malawi muno, ndiye kuti mwadula mopyola.

Ndinayambiranso. Ndinatenga pepala, n'kumvera uthenga wonse kawiri, ndikulemba nkhani iliyonse pa mzere wake. Zinakwana zisanu ndi ziwiri. Yachisanu ndi chiwiriyo ndinali nditaiphonya poyamba, chifukwa inanenedwa motsitsa mawu cha kumapeto: bambowo anapempha kuti aonane ndi wansembe.

M'mawa ndinawaimbira. Ndinawafunsa funso lofanana ndi limene Yesu anafunsa Bartimeo wakhungu uja pa msewu wa ku Yeriko. Yesu ankaona kuti munthuyo ndi wakhungu, komabe anamulola kuti anene yekha chimene akufuna. Ndinati, "Mayi, pa zonse mwanenazi, chimene mukufunitsitsa kuti akhristu akupempherereni ndi chiti?" Ine ndinkaganiza kuti atchula fodya, chifukwa ndiye anatenga mphindi zambiri. Anakhala chete pang'ono, n'kuti, "Mwanangu, fodya ndi wa chaka chino chokha. Bambo akowa asapite asanalandire masakramenti." Nkhani imene munthu wayankhula nthawi yaitali si nthawi zonse imene ikumulemera kwambiri. Kawirikawiri yolemerayo imabwera pomaliza, ndipo imabwera mwamanyazi.

Tsopano panali zinthu zitatu zoti zichoke, ndipo chilichonse chili ndi chifukwa chake.

Choyamba ndi dzina la matenda. Matendawo ndi a bambowo, ndipo iwo sanalole kuti anthu zana adziwe. Kunena kuti munthu akudwala kwambiri ndipo ali m'chipatala ndi kokwanira kuti timupempherere. Ngakhale Yohane sakutiuza chimene Lazaro ankadwala.

Chachiwiri ndi zolakwa za mwana uja. Mwina zinali zoona, koma Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 2477, amatiphunzitsa kuti kuulula zolakwa za munthu kwa anthu amene sanazidziwe, popanda chifukwa chomveka, ndi tchimo lolimbana ndi lamulo lachisanu ndi chitatu. Miseche sikhala yoyera chifukwa chakuti tayamba ndi mawu akuti "tipempherere." Mnyamatayo ali ndi anzake pa gulu lomwelo, ndipo tsiku lina adzafuna kulowanso m'tchalitchi osayang'anidwa ndi maso onse.

Chachitatu ndi dzina la wokayikiridwa ufiti. Ili silinafune kuganizira kawiri. M'dziko mwathu muno anthu, makamaka okalamba, amenyedwapo ndi kuphedwa chifukwa cha mawu otere. Uthenga ukangolowa pa gulu suli m'manja mwanu. Mungathe kukanikiza Delete for everyone, koma amene wawerenga wawerenga, ndipo amene watumiza kale kwina watumiza. Ndinawauza mayiwo poyera kuti dzinalo sindilemba, ndipo ndinawapempha kuti mantha amenewo akawafotokozere wansembe akabwera. Sanakondwe nthawi yomweyo, koma anavomera.

Panatsala nkhani ya ngongole. Apa pamafunika chilungamo. Ndinawafunsa ngati akupempha pemphero lokha kapena akufunanso thandizo. Anati chimene akusowa ndi manja: anthu oti afolere chigafa ndi kuthandiza kusankha fodya, popeza iwo ali kuchipatala. Pempho la thandizo lisabisale m'kati mwa pempho la pemphero. Likabisala, ena amamva ngati akukokedwa m'thumba mochenjera, ndipo amene akanathandiza sadziwa choti achite. Lilembedwe pa mzere wakewake. Kuchuluka kwa ngongoleyo ndi dzina la amene anawakongoza sizinafunike.

Uthenga umene unatuluka ndi uwu, kupatula dzina:

"Abale ndi alongo, tipempherere bambo Uje a kwa Simlemba, amene akudwala kwambiri ndipo ali m'chipatala kuyambira Lachiwiri. Apempha kuonana ndi wansembe. Tipemphe kuti alandire masakramenti msanga ndi kuti Ambuye awapatse mphamvu. Tipemphererenso mayi a kunyumba kwawo ndi ana kuti m'banjamo mukhale mtendere. Amene muli pafupi, chigafa chawo chikudontha ndipo fodya akufuna osankha. Amene mungathe ndiimbireni. Banjali likuthokoza Mulungu chifukwa cha mdzukulu wobadwa kumene."

Onani kuti mwana uja sanatayidwe. Ali m'mawu akuti mtendere m'banja, ndipo Mulungu akudziwa zonse zimene mawuwo anyamula. Kuthokoza kwa mayiwo nakonso ndinakusunga, chifukwa ndi kumene iwo anayambira. Ndisanatumize ndinawawerengera mawu onse pa foni, kuti auvomereze ngati wawo. Anasintha chinthu chimodzi: ine ndinalemba Lachitatu, iwo anati linali Lachiwiri.

Mmodzi pa gulupo anali ndi nambala ya katekisiti wa kumudziko. Patapita masiku awiri wansembe anafika, bambowo analapa, anadzozedwa mafuta a odwala ndi kulandira Ukaristia. Anyamata a mphakati anafolera chigafa. Patatha sabata imodzi bambowo anamwalira.

Sindikubisirani mapeto amenewa, chifukwa Mthenga wa lero nawonso subisa. Uthenga wa Marita ndi Maria unali womveka bwino, komabe Yesu anakhala masiku ena awiri kumene anali, ndipo Lazaro anamwalira. Mawu okonzedwa bwino si mankhwala omukakamiza Mulungu. Ntchito yake ndi yoti ife, mpingo, tidziwe amene tikumunyamula ndi kumene tikupita naye. Marita anakumana ndi Yesu panjira ali ndi madandaulo ake onse, ndipo Yesu sanamudule mawu. Analira nawo, kenaka anapita kumanda. Chiyembekezo chomwecho cha kuuka kwa akufa ndi chimene mayi a kwa Simlemba aja akugwira lero.

Ndinalembanso pa gulu kudziwitsa za malirowo ndi kuthokoza amene anathandiza. Ichi timachiiwala kawirikawiri, ndipo anthu amapitiriza kupempherera kuchira kwa munthu amene anaikidwa kale m'manda, kapena amene anatuluka m'chipatala mwezi watha.

Choncho sabata ino, wina akakutumizirani mtolo wake kuti muupereke ku gulu, musafulumire kukanikiza Forward. Mverani mpaka kumapeto, muimbireni mwini wake, mufunseni chimene akufuna, ndipo mumuwerengere zimene mwalemba. Zotsalazo, zimene sizinayenere kulowa pa gulu, zisungeni mumtima mwanu ndipo muzipite nazo nokha pamaso pa Ambuye. Kumeneko mungathe kutalikitsa mmene mungafunire.

Ambuye Yesu, amene munamva uthenga wochokera ku Betaniya, tiphunzitseni kunyamula mawu a abale athu mokhulupirika ndi kusunga ulemu wawo. Amen.

Ndine katekisiti wanu.