Mphwanga, werenga tsiku usanalandire katoni

Mphwanga, popeza amako andiuza kuti tsopano makiyi a sitolo ya mankhwala ija ya pa Golomoti ali m'manja mwako, ndati ndikulembere za chinthu chimodzi chokha. Anyamata ambiri akalowa m'sitolo amaopa wakuba ndi wangongole. Koma amene ndamuona akudya mpamba wa anthu mwakachetechete ndi katundu wotha mphamvu ali pa shelefu, ndipo pa mankhwala, wovulala si mwini sitolo yekha.

Lamulo lake ndi lalifupi: chimene chidzayambe kutha mphamvu ndicho chiyambe kutuluka. A zaumoyo amalitchula mwachidule kuti FEFO, ndipo ndi limene amatsata m'zipinda zosungiramo mankhwala m'zipatala, ngakhale ku Central Medical Stores Trust kumene kumachokera mankhwala a zipatala za boma. Ukamva choncho udzati n'zodziwikiratu, paja aliyense amayamba kugulitsa katundu wakale. Apo ndi pamene pali msampha. Katundu wakale m'sitolo mwako ndi katundu amene ali pafupi kutha mphamvu si chinthu chimodzi nthawi zonse. Katoni imene watsika nayo lero pa msewu wa Khwekhwerere kuchokera ku Lilongwe ikhoza kukhala kuti inagona chaka chathunthu m'nyumba ya opikulitsa, pamene imene unagula mwezi watha inali itangofika kumene kuchokera ku fakitale. Tsiku limene katundu walowa pakhomo pako silikuuza kanthu. Chokuuza zoona ndi chidindo chili pa paketi.

Pa paketi kapena pa botolo upeza zinthu zitatu zodindidwa pamodzi. Pali `MFG`, mwezi umene mankhwalawo anapangidwa. Pali `BN` kapena `LOT`, nambala ya gulu la mankhwala amene anapangidwa nthawi imodzi. Ndiye pali `EXP`, malire ake. Pakalembedwa `EXP 06/2026`, mankhwalawo amagwira ntchito mpaka tsiku lomaliza la Juni 2026, ndipo pa 1 Julaye sagulitsidwanso. Samala posasokoneza `MFG` ndi `EXP`, chifukwa zimakhala moyandikana ndipo zilembo zake n'zazing'ono. Usakhulupirirenso katoni yakunja yokha. Itsegule, utulutse bokosi lam'munsi, uone ngati tsiku ndi nambala ya gulu zikufanana ndi za pamwamba, pakuti katoni imodzi imatha kubwera ndi magulu awiri osakanizidwa. Zimenezi uzichite wobweretsa katundu akadali pompo, usanasaine pepala lake. Galimoto ikangonyamuka, vutolo lasanduka lako.

Tiye tiwerengere limodzi chitsanzo, chifukwa nkhaniyi imamveka bwino pa manambala. Tinene kuti ndi kumayambiriro kwa Febuluwale 2026. Pa shelefu uli ndi mabotolo 40 a parasetamolo wamadzi wa ana, odindidwa `EXP 11/2026`. Kenaka waoda ena 60, ndipo afika odindidwa `EXP 06/2026`. Buku lako likuonetsa kuti pa mwezi umagulitsa mabotolo 12.

Ukatsata nzeru ya kuyamba ndi akale, mabotolo 40 aja adzakutengera miyezi itatu ndi masiku ngati khumi, kufika cha pakati pa Meyi. Pamenepo ndi pamene udzatsegule atsopano aja, atangotsala ndi masabata ochepa. Kuyambira Febuluwale mpaka kutha kwa Juni ndi miyezi 5, ndipo 5 kuchulukitsa ndi 12 ndi mabotolo 60 okha amene angatuluke m'sitolo mwako. Pa 60 amenewo, 40 ndi akale aja, 20 okha ndiwo atsopano. Pa 1 Julaye udzakhala utagwira mabotolo 40 amene unalipira ndi ndalama zako, oti sungagulitse kwa munthu aliyense.

Tsopano tembenuza. Ika atsopano a Juni aja kutsogolo, akale a Novembala uwakankhire kumbuyo. Mabotolo 12 pa mwezi adzachoka pa gulu la Juni, ndipo a Novembala adzadikira popanda vuto, chifukwa kuyambira Julaye mpaka Okutobala pali nthawi yokwanira kugulitsa onse 40. Katundu ndi yemweyo, ogula ndi omwewo, chasintha ndi dzanja lako posanja shelefu.

Koma usaime pamenepo. Pa pepala zikuoneka ngati onse 60 adzatha ndendende pa 30 Juni, koma ine sindingakulole kugulitsa botolo la mwana m'sabata yomaliza ya moyo wake. Mayi wochokera m'midzi ya kutali akagula botolo, mwana amamwa masiku atatu, lotsalalo amalisunga pamwamba pa khoma kudikira tsiku lina thupi likadzatenthanso. Tsiku limenelo likhoza kudzafika mu Ogasiti. Choncho powerengera uzichotsa mwezi womaliza. Yatsala miyezi 4, ndipo 4 kuchulukitsa ndi 12 ndi 48. Ndiye kuti pa mabotolo 60 aja, 12 ndi owonjezera, ndipo ukudziwa zimenezi mu Febuluwale, tsiku lolandira lomwelo. Umenewu ndiwo mwayi wako: uwakane 12 amenewo pomwepo, kapena mugwirizane ndi opikulitsa kuti adzawasinthe, ndipo mgwirizanowo ulembedwe pa risiti. Mu Meyi palibe amene adzakumvere.

Nambala ija ya 12 pa mwezi usaiyese mwala. Kuno kuchigwa mvula ikagwa udzudzu umachuluka, ana otentha thupi amachulukanso, ndipo mankhwala otere amayenda msanga kuyambira Januwale mpaka Epulo kusiyana ndi m'chilimwe. Ukatenga chiwerengero cha mwezi wa Malichi n'kuodera katundu wa mu Ogasiti, udzadzaza shelefu ndi zinthu zosayenda. Ndi chifukwa chake ndimaumirira za khadi. Mtundu uliwonse wa mankhwala ukhale ndi khadi lake, kapena tsamba lake m'buku, lolembedwa tsiku, zolowa, zotuluka, zotsala, nambala ya gulu ndi tsiku lothera mphamvu. Magulu awiri a mankhwala amodzi alembedwe m'mizere iwiri. Ukangolemba kuti "parasetamolo wa ana, 100", wabisa chinthu chokhacho chimene umafunika kudziwa.

Pa shelefu, tenga cholembera chachikulu ulembe mwezi ndi chaka pa mbali ya katoni yoyang'ana kwa iwe, kuti uziwerenga uli chiimire. Podzaza, usamaunjike zatsopano kutsogolo chifukwa choti mpamene dzanja likufika mosavuta. Tsitsa zonse, pukuta fumbi, usanje kuyambira kumbuyo. Ndipo mnyamata wokuthandiza umuphunzitse chifukwa chake, pakuti iye ndi amene amatola botolo iwe ukapita kukadya nsima. Kumapeto kwa mwezi uliwonse uyende shelefu ndi shelefu. Chilichonse chotsala ndi miyezi 6 chilembedwe pa pepala lapadera, chotsala ndi miyezi 3 chiikidwe chizindikiro chofiira ndipo usaodenso china cha mtundu womwewo mpaka chitatha.

Pali chinthu china chimene anthu a kumtunda ku Dedza sangachimve ngati ife. Tsiku lija la pa paketi ndi lonjezo lokhala ndi malire. Opanga amalonjeza kuti mankhwala adzafika tsikulo ngati asungidwa monga alembera, ndipo mapaketi ambiri amanena kuti asungidwe pamalo osapitirira madigiri 30, ena 25. Iwe ukudziwa mmene Golomoti amatenthera mu Okutobala ndi Novembala, ndi mmene mpweya umakhalira pansi pa malata opanda siling'i masana. Shelefu yapamwamba, yoyandikana ndi denga, ndi ya mabandeji ndi thonje, osati ya mankhwala amadzi, mafuta odzola kapena makapisozi. Makatoni asagone pa simenti kapena kutsamira khoma, chifukwa m'dzinja chinyontho chimakwera. Gula kachipangizo koyezera kutentha, ukapachike pakati pa chipinda, uzikayang'ana masana dzuwa lili paliwombo. Za m'furiji zimafuna madigiri 2 mpaka 8, ndipo magetsi akazima usamatsegule chitseko chake pafupipafupi.

Chifukwa cha kutenthaku, maso ako akhale ndi ulamuliro woposa chidindo. Mapiritsi amene asintha mtundu kapena akufumbutuka, makapisozi omatirirana, mafuta odzola amene alekana madzi pamwamba, paketi ya Thanzi imene ufa wake waundana ngati mchere wonyowa: zonsezi zichoke pa shelefu ngakhale `EXP` ikunena chaka chamawa. Koma dziwanso kuti njirayi imayenda mbali imodzi yokha. Maso akhoza kuchotsa chinthu tsiku lisanakwane, koma sangachitalikitsire moyo tsiku litapita. Piritsi lotha mphamvu nthawi zambiri limaoneka bwinobwino, ndipo ngozi yake ndi yomweyo: wodwala amamwa, n'kumaganiza kuti walandira thandizo, matenda akupitirira.

Palinso tsiku lachiwiri limene silidindidwa, loyamba kuwerengedwa botolo likatsegulidwa. Amokisisilini wa ufa wa ana akangothiridwa madzi amakhala masiku owerengeka, nthawi zambiri sabata imodzi, monga pepala lake linenera. Mankhwala odontheza m'maso ambiri amatayidwa pakatha masiku 28 atatsegulidwa. Ulembe tsikulo pa botolo ndi dzanja lako, ndipo umuuze wogula ndi pakamwa, chifukwa si onse amawerenga. Ukamadula kapepala ka mapiritsi kuti ugulitse awiri kapena anayi, yamba kudula mbali yopanda chidindo, kuti chidutswa chotsala m'bokosi chikhalebe ndi tsiku lake.

Mkaka, buledi ndi majuwisi amene amako amagulitsa ku golosale kuseriko amatsata lamulo lomweli, kungoti kumeneko mumawerenga masiku m'malo mwa miyezi, ndiye furiji iyenera kusanjidwa m'mawa uliwonse. Chakudya chotsala ndi masiku ochepa mukhoza kuchitsitsa mtengo n'kumuuza wogula poyera kuti achidye msanga. Mankhwala ayi. Usamakakamize munthu kugula mankhwala amene sakuwafuna pofuna kupulumutsa ndalama yako.

Ngakhale usamale chotani, zina zidzakuthera mphamvu ndithu. Tsiku limenelo lidzakuyesa, chifukwa adzabwera wina wonong'ona kuti umupatse pa mtengo wotsika akagulitse m'misika ya kumidzi, kapena maganizo adzakufikira oti chidindo chikhoza kufufutidwa. Mphwanga, usayerekeze. Bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA limayendera masitolo ndipo likhoza kulanda chiphaso, a MBS nawonso amalanda zakudya zotha nthawi. Koma ngakhale asabwere, mankhwala amenewo akamwedwa ndi mwana wa munthu amene umapemphera naye. Zichotse pa shelefu tsiku lomwelo, uziike m'katoni yakeyake, uimate, ulembepo ndi zilembo zazikulu kuti ZOTHA MPHAMVU, OSAGULITSA, n'kuitsekera kutali ndi katundu wabwino. Pa khadi ulembe kuchuluka kwake ndi nambala ya gulu, kuti buku ligwirizane ndi shelefu. Usakataye kudzala kumene ana amatola timabotolo, kapena mumtsinje, kapena kutentha kuseri kwa sitolo. Funsa a PMRA kapena woyang'anira za mankhwala ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Dedza kuti akuuze njira yoziwonongera, ndipo pepala limene adzakupatse ulisunge pamodzi ndi chiphaso cha sitolo.