Maliro n'kulirana

Akuluakulu amati maliro n'kulirana: ukagona pa siwa ya mnzako, mawa adzagona pa yako. Nanga maliro opanda mtembo alira nawe ndani?

Ndikunena inu achemwali a ku Ulongwe ku Mozambiki, amene bambo a kunyumba anakukhazikani pansi n'kuulula kuti mtima wawo umakopeka ndi amuna anzawo, banja n'kuthera pomwepo. Mukanaferedwa, amayi akanabwera ndi ufa ndi nkhuni. Apa palibe wabwera. Mwamunayo ali moyo, Loweruka munamuona pamsika akukweza matumba a kachewere pagalimoto, ndipo munasowa poyang'ana.

Ankhoswe nawonso agwira njakata. Iwo anazolowera milandu ya nkhanza ndi chigololo, yoti wolakwa apepese, anthu abwererane. Apa agwirizanitsa chiyani? Kuboma kulibenso mlandu, pakuti Mozambiki inachotsa lamulo lolanga zimenezi mu 2015. Ntchito imene yawatsalira ankhoswe ndi ya ana, munda ndi nyumba, ndipo musalole kuti manyazi ayimitse zokambirana zimenezo.

Chimene chimasowetsa tulo ndi zakale. Mumabwerera ku tsiku la ukwati, ku usiku wozizira wa Juni pamene munkafunda bulangete limodzi, n'kumafunsa ngati zonsezo zinali chinyengo. Ine sindikhulupirira choncho. Amuna ambiri otere anakwatira poopa makolo ndi mpingo, akuyembekeza kuti asintha, ndipo ankasamaladi banja. Komabe zaka zanu zinapita, ndipo kukwiya n'koyenera.

Azakhali akamati munalephera kusamala mwamuna, musawayankhe. Palibe nsima kapena mkanda umene ukanasintha zimenezi. Pezani mnzanu mmodzi wosunga pakamwa, abwere madzulo, mulire naye.