Chithunzi sichinena ngati mwana akuyamwa

Ana anga, inu amene mukubereka masiku ano muli ndi foni m'manja, ndipo khanda likatuluka zidzolo mumathamangira kujambula n'kutumiza kwa alangizi a zaumoyo. Sindikukuletsani. Kuno ku Chisepo, makamaka nthawi ya dzinja misewu ikaterera, uthenga umafika msanga kuposa kabaza. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mauthenga amene ndimaona atsikana akutumiza: chithunzi chimodzi chakuda bii, chojambulidwa usiku m'nyumba, ndipo pansi pake alembapo kuti, “Adokotala, taonani mwana wanga. Ndi chiyani chimenechi?” Munthu wolandira uthenga wotere alibe poyambira. Iye sanamugwire mwanayo kuti amve kutentha kwa thupi, sanamuone akupuma, sakudziwa ngati ali ndi milungu itatu kapena miyezi khumi. Zonsezi muyenera kumuuza ndinu, chifukwa matenda ambiri a pakhungu amafanana maonekedwe, ndipo chimene chimawasiyanitsa ndi mmene mwanayo alili.

Choncho musanagwire foni, yambani mwayang'ana mwana yense, osati khungu lokha. Muikeni kubere muone ngati akuyamwa. Ngati akukana bere, kapena akusanza chilichonse chimene wayamwa, kapena wakomoka n'kumagwedezeka, kapena wangoti lefu osadzuka ngakhale mumugwedeze, imeneyo si nkhani ya uthenga. Berekani mwana muzipita ku chipatala, ndipo ngati mukufuna kulemba mulembe muli m'njira kuti akudikireni. Chimodzimodzi ngati liwombo lafufuma mwana asakulira, kapena chifuwa chikulowa m'kati pansi pa nthiti akamakoka mpweya. Foni yanuyo ili ndi wotchi, ndiye werengani kupuma kwake kwa mphindi imodzi yathunthu ali phee. Khanda losakwana miyezi 2 likapuma ka 60 kapena kuposa, lafulumiza kupuma. Wa miyezi 2 mpaka chaka chimodzi malire ake ndi ka 50.

Pali kuyesa kumodzi kumene ndikufuna mayi aliyense akudziwe. Tengani tambula yagalasi yoonekera, muidinikize cham'mbali pa zidzolozo, muyang'ane kudzera m'galasimo. Zidzolo zambiri zimazilala zikadinikizidwa, n'kubwereranso mukachotsa. Koma mukaona timadontho tofiirira kapena takuda, tonga tolasidwa ndi singano, timene sitizilala ngakhale mudinikize, ndipo mwana thupi latentha, dziwani kuti mwina magazi akutayikira pansi pa khungu. Zimenezi zimachitika pa matenda oopsa a m'magazi ndi oumitsa khosi, amene amatha kupha mwana tsiku lisanathe. Pa khungu lathu lakudali timadontho timeneti sitioneka msanga, ndiye yang'anani m'zikhatho, kumapazi kunsi, m'kamwa ndi m'kati mwa chikope. Mukationa, musadikire kuti kuche, ndipo musadikire yankho la pa foni.

Za khanda losakwana miyezi 2 ndinenenso padera. Alangizi amene amayendetsa chipatala cha ana cha m'mudzi amathandiza ana oyambira miyezi 2 mpaka zaka 5. Khanda locheperapo likatentha thupi, kapena kuzizira modabwitsa, kapena likatuluka matuza a mafinya, kapena mchombo ukafiira n'kumatuluka mafinya, malo ake ndi ku chipatala tsiku lomwelo. Mlangizi wabwino adzakuuzani zomwezo, ndiye musataye maola kudikira kuti akuuzeni.

Tsopano tinene kuti mwana akuyamwa bwino, akusewera, koma khungu lokha ndilo lavuta. Apa mpamene uthenga umathandiza. Jambulani masana, panja pamthunzi kapena pakhomo pamene kuwala kukulowa, ndipo muzimitse kuwala kwa foni kuja kumene kumathwanima pojambula, chifukwa kumawalitsa khungu lodzola mafuta zidzolo n'kubisika. Pukutani kagalasi ka kamera ndi nsonga ya chitenje. Zithunzi zitatu zikwanira. Choyamba chionetse thupi la mwana chapatali kuti aone kumene zidzolo zagwira ndi kumene sizinafike. Chachiwiri muyandikire, mutaika mutu wa machesi kapena kachitsekero ka botolo pambali kuti kukula kwa totupato kudziwike. Chachitatu chikhale cha zikhatho kapena mapazi kunsi, ngakhale kulibe kanthu, pakuti kusakhalako kwa zidzolo kumeneko nakonso kumauza kanthu munthu wodziwa. Musapake kalikonse musanajambule. Jivi amadetsa malo onse n'kubisa mtundu wa chilonda, ndipo phulusa, paudala kapena mankhwala a zitsamba amasokoneza chimodzimodzi. Kumaliseche kwa mwana muphimbe ndi kansalu, ndipo ngati zidzolo zili m'malo a thewera, fotokozani ndi mawu, akakaone ndi maso.

Tiyerekeze mayi wina wa mwana wa miyezi 7. Uthenga umene ndingakondwe kuuona ndi wotere:

“Mwaswera bwanji alangizi. Mwana wanga wamwamuna wa miyezi 7 watuluka totupa ting'onoting'ono, lero ndi tsiku lachisanu. Tinayambira pakati pa zala ndi m'khwapa, tsopano tafika pamimba, m'zikhatho ndi kumapazi kunsi. Tina tili ndi madzi. Usiku sagona, amangodzikhula pamphasa n'kumalira. Thupi silinatenthe, sakutsokomola, maso ali bwino, akuyamwa ndipo phala akudya. Ine ndi mkulu wake wa zaka 4 tikudzikandanso usiku kwa milungu iwiri. Sakumwa mankhwala alionse ndipo sindinampake kanthu. Katemera walandira yense wa msinkhu wake. Ndatumiza zithunzi zitatu za lero m'mawa. Ndibwere naye liti?”

Taonani zimene mlangizi wapeza m'mawu ochepawo. Kuyabwa kwa usiku, totupa ta pakati pa zala, ndiponso anthu ena a m'nyumba amene akudzikanda, zonsezi zikuloza ku mphere. Mphere zimayamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaboola khungu n'kuikira mazira m'menemo, ndipo mwa makanda zimafika mpaka m'zikhatho, kumapazi ndi kumutu, kumene akuluakulu sizikonda kuwagwira. Chiganizo chija chonena za mayi ndi mkulu wa mwanayo ndicho cholemera kuposa zithunzi zonse zitatu, ndipo ndicho amayi ambiri amachisiya chifukwa cha manyazi. Mphere si umve ayi; zimayenda pokhudzana khungu ndi pogonera chofunda chimodzi. Mukabisa, adzapatsa mankhwala mwana yekha, ndipo pakapita milungu ingapo adzatenganso kwa inu. Munthu amatha kukhala nato tizilomboto mwezi wathunthu asanayambe kumva kuyabwa, n'chifukwa chake a m'nyumba monse amapaka tsiku limodzi, ngakhale amene sakudzikanda, zofunda ndi zovala n'kuchapidwa ndi madzi otentha n'kuyanikidwa padzuwa. Mankhwala amene amapatsa akuluakulu amawotcha khungu la khanda akapakidwa osasungunula, ndiye musatenge otsala a anansi. A ku chipatala ndiwo akuuzeni muyezo wa msinkhu wa mwana wanu. Kuyabwa kumatha kupitirira milungu iwiri kapena kuposa tizilombo titafa kale. Koma totupa tikasanduka zilonda za nkhanambo zachikasu zotuluka mafinya, bwererani, chifukwa pamenepo palowa matenda ena ofuna mankhwala ena.

Tsopano sinthani mizere iwiri yokha mu uthenga womwewo. Mayi alembe kuti mwana wakhala akutentha thupi masiku atatu, ali ndi chimfine ndi chifuwa, maso afiira ndipo akutuluka misozi, kenaka zidzolo zinayambira kuseri kwa makutu ndi kumaso n'kumatsikira pachifuwa. Pa chithunzi cha foni yotsika mtengo, khungu la ana awiriwa likhoza kuoneka lofanana, koma uyu wachiwiri mlangizi aganizira chikuku. Katemera wa chikuku ana amalandira pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15, kotero wa miyezi 7 sanatetezedwe. Ife akulu tikukumbukira chaka cha 2010, pamene chikuku chinagwira anthu oposa 100,000 m'Malawi muno. Chimayenda mu mpweya, ndipo uthenga wanu umathandiza a ku chipatala kukonzekera kuti musakakhale pa benchi limodzi ndi makanda a kusikelo. Kumeneko mwana amalandira vitamini A woteteza maso, ndipo amamuyeza ngati chibayo chayamba. Mwambo wakale wotsekera mwana wachikuku m'nyumba mpaka zidzolo “zitatuluka zonse” unatilanda ana, ndipo ena unawasiya osaona. Musautsate, ngakhale anene ndi apongozi anu.

Za mankhwala musaiwale kulemba. Ngati mwana wayamba kumwa mankhwala atsopano m'milungu yapitayi, monga bakitirimu kapena aja amapatsa makanda obadwa kwa amayi amene ali ndi kachilombo, tchulani dzina lake kapena jambulani botolo. Zidzolo zobwera ndi mankhwala zimatha kukula msanga, ndipo milomo ikayamba kusupuka, maso kufiira, khungu kuchita matuza, musamwetsenso, pitani ku chipatala nthawi yomweyo mutanyamula botololo. Jambulaninso tsamba la katemera la m'buku la kusikelo. Ndipo ngati munapaka kale kanthu, nenani mosabisa. Timachubu ta mafuta togula pamsika wa Mponela kapena kwa oyenda ndi zikwama tambiri tili ndi mankhwala amphamvu amene amaziziritsa kuyabwa masiku awiri, koma mphere ndi zipere zimafalikira pansi pake, maonekedwe ake n'kusintha moti ngakhale wodziwa amasokonezeka.

Zithunzizo tumizani kwa mlangizi yekha. Mukaziponya pa gulu la WhatsApp la abale kapena la mpingo, mulandira mayankho makumi awiri, wina ati ndi mwazi woipa, wina ati mayi sanasunge mwambo, ndipo chithunzi cha mwana wanu chidzatsala m'mafoni a anthu amene simukuwadziwa.

Kumbukiraninso kuti mlangizi ndi munthu mmodzi wa midzi yambiri. Mwina ali kusikelo ya kumudzi wina, mwina foni yake yatha moto kapena ilibe bandulo. Mukaona kuti uthenga sunawerengedwe, imbani. Pali nambala yaulere ya Chipatala Cha Pa Foni, 929, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011, ndipo kumeneko mumalankhula ndi azaumoyo amene adzakufunsani mafunso omwe ndatchulawa. Ngati mwana ali bwino ndipo yankho silinabwere pofika m'mawa, pitani naye ku chipatala cha Chisepo mutatenga buku lake. Mmene mukudikira, muyamwitseni pafupipafupi, muwenge zikhadabo zake kuti asadzikande mpaka zilonda, mumuveke zopepuka, ndipo madzulo mumuvule n'kuyang'ananso thupi lonse. Zidzolo zikafika malo atsopano jambulaninso pamalo owala omwe aja, mulembe ola limene mwajambula, kuti amene akamuone akayerekeze ndi za m'mawa.