Kalata yopempha ngongole ya mpamba ikhale ya manambala

Mdzukulu wanga, kalata yako yopempha ngongole ndaiwerenga. Walemba kuti ndiwe mwana wamasiye, kuti zinthu zadula, kuti akuchitire chifundo. Zonsezo n'zoona, koma mlangizi wa ngongole, kaya ndi wa ku FINCA kapena ku SACCO, amamva mavuto otere tsiku lililonse. Iye akufuna kudziwa chinthu chimodzi: ndalama yawo ikalowa mu geni yako ya usipa, idzatuluka liti, ndipo idzatuluka ndi chiyani?

Uyambe ndi zimene angathe kudzaona ndi maso. Dzina lako monga lilili pa chiphaso cha unzika, mudzi ndi mfumu yako, nambala ya foni, ndi pamene pali benchi lako mumsika wa Lunzu. Amabwera osakuuza, ndipo amafunsa anzako oyandikana nawo, choncho zaka zimene wakhala pa geni usaziwonjezere.

Kenaka pabwere masamu, chifukwa kalata yonse yagona pamenepo. Ndigwiritsa ntchito manambala ongoyerekeza, iwe uikemo a m'kope mwako. Ulembe motere:

"Ndimapikula usipa wouma ku Mangochi kawiri pamwezi. Mpamba wanga ndi K300,000. Pa ulendo umodzi ndimagula usipa wa K250,000, ndipo K50,000 imapita ku thiransipoti, chakudya ndi matikiti a msika. Katundu amatha m'masabata awiri ndipo ndimapeza K390,000, phindu n'kukhala K90,000. Ndikupempha K200,000 yoti ndibweze m'miyezi inayi. K180,000 ndidzawonjezera usipa, K20,000 ndidzalipirira matumba owonjezerawo pagalimoto."

Waona kuti tambala iliyonse yapatsidwa ntchito? Ukangoti "ndikufuna kukulitsa bizinesi", mlangizi amaganiza kuti theka lipita ku fizi kapena malata. Ngongole ya mpamba ndi ya katundu wozungulira. Ukagulira malata, malatawo sabweza kanthu pakutha pamwezi.

Funso limene iye adzafunse ndi lakuti, katundu wowonjezerayo ugulitsa kwa yani? Ngati usipa wako umatha pa tsiku la khumi n'kumakhala pabenchi wopanda kanthu, kapena ngati pali amayi a malesitilanti amene umawabweza chifukwa katundu wachepa, lemba zimenezo. Ngati umafika masabata awiri katundu akadalipo, vuto lako si mpamba, ndi makasitomala, ndipo ngongole ingokuwunjikira usipa woti ufumbwe ndi kunyenyeka.

Za kabwezedwe usadikire kuti akuwerengere okha. Tiyerekeze kuti chiwongoladzanja ndi 5 pa 100 iliyonse pamwezi, chowerengedwa pa K200,000 yonse mpaka mapeto. Ndiye K10,000 pamwezi, K40,000 m'miyezi inayi, zonse pamodzi K240,000. Pamwezi uzipereka K60,000. Phindu lako lapamwezi ndi K180,000, koma pamenepo mumadya, mumalipira lendi. Ngati pakhomo pamapita K130,000, yotsala ndi K50,000, yosakwana kubweza popanda phindu la katundu watsopanoyo. Zilembe choncho osabisa, n'kuonetsa kuti usipa wa K180,000 ungabweretse pafupifupi K270,000 ukachotsa wonyenyeka. Ufunsenso ngati chiwongoladzanja chimatsika pamene ngongole ikuchepa, komanso ndalama zimene amadula asanakupatse, za mafomu ndi inshuwalansi. Ambiri amasainira K200,000 n'kulandira yoperewera, ulendo wa kunyanja n'kusokonekera.

Nyanja nayo uiike m'kalata. Mwera ukamawomba, makamaka kuyambira Juni mpaka Ogasiti, asodzi salowa kawirikawiri ndipo usipa umadula. Mwezi ukawala kwambiri usipa subwera ku nyali. M'dzinja suuma bwino pathandala. Nena mwezi umene ukuifuna ndalamayo ndi chifukwa chake, ndiponso kumene udzatenge yobweza ulendo umodzi ukalephereka. Ngati ali ndi kabwezedwe ka sabata ndi sabata, pempha ka pamwezi kapena ka masabata awiri, kogwirizana ndi maulendo ako.

Ngongole ya ku banki m'khonde uitchule. Kubisa sikuthandiza, mabungwe amafufuza, ndipo m'mudzi mulibe chinsinsi. Ngati unabwezapo ngongole pa nthawi yake, chimenecho ndiye chikole chako choposa wailesi. Pa chikole chenichenicho, lemba katundu wako wokha, osati njinga ya amalume ako asakudziwa. Mboni nayo uiuze poyera kuti ukalephera adzagogoda pakhomo pake.

Kalatayo ikhale tsamba limodzi, ya deti ndi siginecha yako. Uphatikize fotokope ya chiphaso, kalata ya amfumu ngati aifuna, masamba a kope lako la malonda a miyezi itatu, ndi sitetimenti ya Airtel Money kapena Mpamba ngati makasitomala amakulipira pafoni. Ilembenso usiku uno, ndipo mawa ubwere nayo pamodzi ndi kopelo tidzawerengere limodzi usanapite nayo.