Zikomo wa Pambuyo pa Maliro



Kuno ku Kabudula, maliro akatha, pamatsala kabuku ka chipepeso. Mlembi analembamo aliyense: uyu ndalama, uyu ufa, uyu nkhuku. Anamfedwa akafuna kulemba kalata yothokoza yoti ikawerengedwe kutchalitchi, amatsegula kabukuko.

Koma taganizani pang'ono.

Mayi amene anapita kuchitsime kusanache, kapena amene anagwira mthiko mpaka maso kufiira ndi utsi, sanalembedwe. Adzukulu amene anakumba manda mulibemo. Ngakhale uja anapalasa njinga kuchokera ku Nsaru, nadzangokhala chete pasiwa usiku wonse.

Ndiye musanalembe kalatayo, khalani pansi ndi amayi amene anali kumaphikiro, muwafunse kuti, “Kodi moto uja anasonkha ndani?”

Dzina lakelo mulitchule lero.