Safunsa Adadya Phula

Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo mwambiwu umakhudza yense amene alandira pa foni chithunzi cha tsamba la buku la masamu, chojambulidwa madzulo ku Vubwi, mthunzi wa dzanja utagwera pakati. Mawu a m'chiganizo, ngakhale chilembo chimodzi chitazilala, mukhoza kuwalemba, pakuti anzake owazungulira amawachitira umboni. Koma nambala ilibe mboni, ndipo 3 wosaoneka bwino amasanduka 8 popanda wotsutsa. Pamenepo musalote ayi. Lembani zimene maso aona, siyani mpata, nimulembepo kuti "mzere wachinayi sukuwerengeka", kenaka pemphani mwini buku ajambulenso panja kukuwala, atalitambasula bwino, chifukwa mizere ya kufupi ndi msoko ndiyo imayamba kusowa.