Mphindi zisanu za mkulu wa alangizi ku Kabwazi

Kabwazi ndi limodzi mwa madera a zaulimi a m'boma la Dedza, pamodzi ndi Linthipe, Lobi, Chafumbwa, Bembeke ndi ena. Dera lililonse lili ndi mkulu wake woyang'anira alangizi, ndipo likafika tsiku la maphunziro, iyeyo ndiye amaimirira pemphero likangotha kuti alandire anthu. Mawu akewo ambiri amawayesa mwambo chabe, poti maphunziro enieni abwera ndi mphunzitsi wochokera ku boma. Ine ndikuti tsiku lonse limakonzeka kapena kuwonongeka m'mphindi zisanu zoyambazo, ndipo mkulu amene wadutsitsa mphindi zisanu wayamba kale kudya nthawi ya kumunda.

Titenge tsiku lophunzira za ntchembere zandonda. Mbozi zimenezi zinafala m'Malawi m'nyengo ya ulimi ya 2016/2017, ndipo mu Disembala 2017 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 mwa maboma 28 ali pa ngozi chifukwa cha izo. Chimene mlangizi ayenera kuchidziwa ndi kayenderedwe ka munda. Amalowa m'chimanga n'kuyenda mokhotakhota ngati akulemba chilembo cha W, osatsata m'mphepete. Amaima malo asanu, ndipo paliponse amasuzumira m'nsonga za mapesi 10, onse pamodzi 50. Akufuna masamba oboola ndi ndowe zonga utuchi mkati mwa nsonga. Akaigwira mboziyo amaona chilembo cha Y chozondoka pamutu pake ndi madontho anayi akuda chakumchira. Chimanga chikadali chaching'ono, mapesi 10 ogwidwa mwa 50 ndi okwanira kuti mlimi achitepo kanthu. Zonsezi munthu saphunzira atakhala pa benchi. Ayenera kutsegula nsonga ndi zala zake, ndipo kwabwino ndi kum'mawa, chifukwa mu Januwale mvula ya ku Dedza imakonda kugwa masana. Mkulu akatha theka la ola akutchula maudindo a aliyense wokhala kutsogolo, gululo lilowa m'munda mitambo itada kale, ndipo ena abwerera osaiona mboziyo ndi maso.

Tsono anene chiyani? Ndikanakhala pa mpandowo, ndikanalankhula motere:

"Agulupu, zikomo potilola kugwiritsa ntchito munda wa m'mudzi mwanu. Bambo amene mwachokera ku boma kudzatiphunzitsa, takulandirani. Alangizi anzanga ndi inu alimi otsogolera, ndikudziwa kuti ena mwadzuka kusanache ndipo mwakankha njinga m'matope. Zikomo kwambiri. Lero tabwerera chinthu chimodzi: pofika madzulo aliyense athe kulowa m'munda yekha, kuwerenga mapesi 50 n'kumuuza mlimi ngati nthawi yochitapo kanthu yakwana. Tikhala muno mpaka 9 koloko, kenako tonse kumunda. Nsima ndi 12 koloko, ndipo 3 koloko tiweruka kuti akutali mufike kusanade. Ndalama ya mayendedwe ilipo, musayinira tikamaweruka. Alawansi ina palibe. Inenso mbozi imeneyi nthawi zina ndimaisokoneza ndi kapuchi, ndiye ndikhala nanu mpaka kumapeto ndipo ndifunsa. Nanunso funsani. Bambo, nthawi ndi yanu."

Mawuwa safika ngakhale mphindi zitatu, koma taonani zimene achotsa m'mitima ya anthu. Choyamba ndi nkhani ya ndalama. Akuluakulu ambiri amachita nayo manyazi, amaona ngati kuitchula kumayambiriro n'kutsitsa ulemu wa maphunziro. Koma mlangizi amene wathira mafuta a m'thumba mwake mu njinga yamoto sangamvetsere za madontho anayi asanadziwe ngati abwezeredwa. Mkulu akakhala chete, nkhaniyo simafa. Imayenda m'manong'onong'o kumabenchi akumbuyo, imakula pa nthawi ya nsima, ndipo madzulo imaphulika pamaso pa mlendo. Kunena kuti palibe, pamene palibedi, kumawawa kamphindi kochepa, koma munthu amadziwa poima. Chimene chimapha chikhulupiriro ndi mawu oti "tiona kumapeto".

Ola loweruka nalonso n'lofunika chimodzimodzi, makamaka kwa amayi amene asiya mwana kwa mnansi ndi kwa amene akawoloke mtsinje. Kungoti mkulu akalitchula, alisunge.

Pali amene anganene kuti kufupikitsa chonchi n'kusalemekeza, kuti kwathu mlendo sitimulandira mothamanga ndipo mfumu sitiidumpha. Mfundo imeneyi ndimaimva, ndipo n'chifukwa chake agulupu ndawatchula poyambirira. Kuiwala mwini mudzi pa tsiku limene mukaponda m'munda wa anthu ake n'kulakwa kwakukulu, ndipo mlangizi wa kumeneko ndiye adzavutike nako miyezi yotsatira. Koma tikumbuke mmene malonje amayendera pakhomo. Mlendo amapatsidwa mphasa, amafunsidwa za kumene wachokera, amanena chimene wadzera, basi madzi ali pamoto. Palibe amamuwerengera mayina a akuluakulu a m'boma ali ndi njala. Mndandanda wautali wa maudindo, aliyense ndi "wolemekezeka" wake, unabwera ndi misonkhano ya m'maofesi ndi ya ndale. Umasangalatsa anthu atatu a patebulo lakutsogolo, pamene amene aitanidwa kudzaphunzira amangotchulidwa kumapeto kuti "ndi ena nonse".

Chiganizo chimene ndimachiona cholemera kuposa zonse ndi chija chovomereza kuti mkuluyo nayenso ali ndi chofunsa. Mlangizi amene wagwira ntchito zaka zambiri savomera msanga pamaso pa bwana wake kuti sasiyanitsa ntchembere zandonda ndi kapuchi. Mlimi wotsogolera, atakhala pakati pa anthu a masukulu, amaopa kwambiri kuposa pamenepo. Onse amagwedeza mutu, mphunzitsi amafunsa ngati pali funso, m'chipinda muli zii, ndipo aliyense amapita kwawo ndi umbuli wake. Mawa lake mlangizi uja auza mlimi kuti apopere mankhwala dzuwa lili paliwombo, mbozi itabisala mkati mwa nsonga, ndipo ndalama ya mlimi yapita pachabe. Wamkulu akayamba yekha kunena chimene chimamuvuta, wamng'ono amapeza polowera. Koma zimenezi zimagwira ntchito pokhapokha ngati mkuluyo akhaladi. Amene amatsegulira maphunziro n'kukwera njinga yake kuti ali ndi msonkhano wina ku boma wawauza anthu, popanda kutsegula pakamwa, kuti tsikuli si lofunika.

N'chifukwa chakenso m'mawu olandira alendo musamalowe chidzudzulo. Mkulu amakhala ndi zambiri pamtima: malipoti ochedwa, minda yachitsanzo yosapalira, mlangizi amene saoneka kudera kwake. Poti onse asonkhana, mtima umafuna kukhuthula zonse pomwepo. Akatero anthu amauma, ndipo mphunzitsi amalandira gulu loti likudziteteza. Za malipoti zili ndi tsiku lake, ndipo za munthu mmodzi zikambidwe mu ofesi chitseko chili chotseka.

Ngati mawu otsegulira agwira ntchito, zimadziwika msanga. Funso loyamba limabwera anthu asanatuluke kupita kumunda, ndipo limachokera kumbuyo, osati kutebulo lakutsogolo. Ikatha nsima mabenchi amadzazanso monga analili m'mawa. Kumunda, mkulu akafunsa mlangizi aliyense kuti wapeza mapesi angati ogwidwa mwa 50, amayankha ndi nambala, osati kungoti "zilipo zambiri, bwana".